Peresenti ndi mapoyinti a peresenti: mafunso ndi mayankho pa chiwongoladzanja ndi kukwera kwa mitengo

Mafunsowa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ochita geni, aphunzitsi, asungichuma a mabanki mkhonde ndi ophunzira muno mu Mzuzu, makamaka Banki Yaikulu ikasintha mlingo wa chiwongoladzanja. Manambala a Banki Yaikulu amene tatchula ndi enieni. A ngongole, malipiro ndi mitengo ya pamsika ndi ongoyerekeza, tawasankha kuti masamu aoneke bwino.

1. Kodi poyinti ya peresenti ndi chiyani, ndipo ikusiyana bwanji ndi peresenti?

Chiwongoladzanja pachokha ndi peresenti kale. Ndiye chikasuntha, pali njira ziwiri zoyezera kusunthako, ndipo zimapereka mayankho osiyana.

Njira yoyamba ndi kungochotsera. Mu Febuluwale 2024 Banki Yaikulu ya Malawi inakweza mlingo wake kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Mukachotsa 24 pa 26 mutsala ndi 2. Awa ndi mapoyinti awiri a peresenti.

Njira yachiwiri ndi kufunsa kuti kukwerako ndi gawo lanji la mlingo wakale. Mutenge 2 uja mugawe ndi 24, kenako muchulukitse ndi 100. Yankho ndi 8.3. Choncho mlingo unakwera ndi 8.3 peresenti.

Ziganizo zonse ziwiri ndi zoona: unakwera ndi mapoyinti 2, unakwera ndi 8.3 peresenti. Chabodza ndi chachitatu, chimene chimamvekanso kwambiri m'minibasi ndi m'magulu a pafoni: "chiwongoladzanja chakwera ndi 2 peresenti." Chikadakwera ndi 2 peresenti yeniyeni, chikadachoka pa 24 n'kufika pa 24.48 basi, chifukwa 2 peresenti ya 24 ndi 0.48.

2. Ndiwerengetsa bwanji pafoni kapena pakompyuta?

Lembani mlingo wakale ndi watsopano. Mapoyinti ndi watsopano kuchotsapo wakale. Peresenti ndi mapoyinti aja kugawa ndi wakale, kuchulukitsa ndi 100. Chogawira nthawi zonse ndi wakale, kumene mwachokera. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, amagawa ndi nambala yatsopano chifukwa ndi imene ili m'maso.

Ngati mlingo wakale uli mu A2 ndipo watsopano uli mu B2, lembani motere:

```
=B2-A2
=(B2-A2)/A2
```

Mukalemba 24 ndi 26, mzere wachiwiri upereka pafupifupi 0.083, ndiye muchulukitse ndi 100 kuti mupeze 8.3 peresenti. Chenjerani ndi mzere woyamba. Ngati mabokosiwo munawaika kuti azionetsa chizindikiro cha peresenti, kompyuta idzalemba `2%` monga yankho la kuchotsera, ndipo siidzakuuzani kuti amenewo ndi mapoyinti. Malipoti ambiri olakwika amabadwira pamenepa. Lembani nokha pamutu pa ndime yotsika imeneyo kuti ndi mapoyinti.

3. Ngati zonse ndi zoona, n'chifukwa chiyani tisangogwiritsa imodzi?

Chifukwa zimayankha mafunso osiyana. Mapoyinti amakuuzani ndalama zimene ziwonjezeke pa K100 iliyonse ya ngongole. Poyinti imodzi ndi K1 pa K100 pachaka, kapena K10,000 pa K1,000,000. Izi sizisintha kaya mlingo unali pa 5 kapena pa 35.

Peresenti imakuuzani kuti katundu wa chiwongoladzanja amene munasenza kale walemera motani. Apa zimadalira kumene mwachokera. Taonani ulendo wa mlingo wa Banki Yaikulu. Mu 2022 unachoka pa 12 kufika pa 14. Mu 2024 unachoka pa 24 kufika pa 26. Konseku ndi mapoyinti awiri, koma koyambako kunali kukwera ndi 16.7 peresenti, kwachiwiri ndi 8.3 peresenti. Chimodzimodzinso pakatipa: mu Okutobala 2022 unachoka pa 14 kufika pa 18, mu Epulo 2023 unachoka pa 18 kufika pa 22. Mapoyinti anayi anayi, koma peresenti yake ndi 28.6 ndi 22.2.

Mukauona wonse, kuchoka pa 12 kufika pa 26 ndi mapoyinti 14. Kumva 14 munthu angaganize kuti ndi pang'ono. Koma 14 kugawa ndi 12 ndi 116.7 peresenti, kutanthauza kuti mlingo unawirikiza kawiri n'kupitirira.

4. Ndili ndi ngongole kubanki. Mlingo ukakwera ndi mapoyinti atatu, ndilipira zingati?

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku msika wa Taifa amene watenga K2,000,000 kuti akapikule katundu kudzera pa chipata cha Songwe. Mlingo wa ngongole yake ndi 30 peresenti pachaka, ndiye wamva kuti ukufika pa 33.

Tiyambe ndi ngongole imene amangolipira chiwongoladzanja, mpamba wake osaukhudza mpaka kumapeto. Pa 30 peresenti chiwongoladzanja ndi K600,000 pachaka, kapena K50,000 pamwezi. Pa 33 peresenti ndi K660,000 pachaka, K55,000 pamwezi. Mapoyinti atatu aja amuwonjezera K60,000 pachaka, ndipo K60,000 pa K600,000 ndi 10 peresenti. Akadamva kuti "chakwera ndi 3 peresenti" n'kuwerengetsa 3 peresenti ya K600,000, akadakonzekera K18,000 yokha, n'kupeza kuti bajeti yake yaperewera ndi K42,000.

Koma ngongole zambiri za kubanki sizili choncho. Amabweza ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, ndipo mkati mwa ndalamayo muli mbali ya chiwongoladzanja ndi mbali ya mpamba. Ngati K2,000,000 ija ndi ya miyezi 24, pa 30 peresenti azibweza pafupifupi K111,800 pamwezi. Pa 33 peresenti azibweza pafupifupi K114,900. Kusiyana kwake ndi K3,100 pamwezi, kumene ndi 2.8 peresenti chabe ya zimene amabweza.

Ndiye kusintha kumodzi kwabala manambala atatu: mapoyinti 3 pa mlingo, 10 peresenti pa kukula kwa mlingowo, ndi 2.8 peresenti pa ndalama yobweza pamwezi. Yomalizayi ndi yaing'ono chifukwa gawo lalikulu la K111,800 ndi kubweza mpamba, ndipo mpamba sukula mlingo ukakwera. Musanamizike ndi kufanana kwa 2.8 ndi 3, zangochitika chabe pa ngongole ya zaka ziwiri. Ngongole ikakhala ya zaka zambiri, monga yomangira nyumba ku Mchengautuwa kapena ku Luwinga, pafupifupi zonse zimene mumabweza m'zaka zoyamba ndi chiwongoladzanja, choncho ndalama ya pamwezi imakwera moyandikira 10 peresenti ija. Ngongole ikakhala itatsala miyezi itatu kapena inayi, kusinthako simungakumve n'komwe.

Pa miyezi yonse 24, chiwongoladzanja cha mayiyu chichoka pa pafupifupi K684,000 kufika pa K758,000.

5. Pa kalata ya ngongole alemba kuti "refarensi reti kuphatikiza 6 peresenti". Kodi 6 ameneyu ndi peresenti kapena mapoyinti?

Ndi mapoyinti, ngakhale alembapo chizindikiro cha peresenti. Refarensi reti ndi mlingo umene bungwe la mabanki m'Malawi limalengeza mwezi uliwonse, ndipo banki iliyonse imawonjezerapo yakeyake malinga ndi mmene ikuonera kasitomala. Ngati mlingowo uli pa 25, inu mulipira 31. Si 25 kuphatikiza 6 peresenti ya 25, zimene zikanapereka 26.5. Pa K2,000,000 kusiyana kwa 31 ndi 26.5 ndi K90,000 pachaka.

Chilango cha kuchedwa kubweza chimafunika kuchiwerenga mosamala kwambiri, chifukwa chimalembedwa mitundu iwiri. Kwina chimakhala mapoyinti owonjezera pa mlingo wa pachaka. Kwina chimakhala peresenti ya ndalama imene mwachedwetsayo, yolipira pompo. Musanasaine, apempheni akulembereni mu makwacha: ndikachedwa mwezi umodzi pa K111,800, ndilipira zingati?

Dziwaninso kuti mlingo wa Banki Yaikulu ndi refarensi reti si chinthu chimodzi. Woyambawo ukasuntha ndi mapoyinti awiri sizitanthauza kuti wachiwiri usuntha ndi mapoyinti awiri ndendende tsiku lomwelo, chifukwa powerengetsa refarensi reti amaonanso milingo ina ya pamsika wa ndalama. Ndipo ngati ngongole yanu ndi ya mlingo wokhazikika, palibe chisinthe mpaka mutatenga ina.

6. Nanga mabesisi poyinti amene amatchulidwa m'zikalata za Banki Yaikulu ndi chiyani?

Ndi poyinti imodzi yogawidwa pa 100. Mabesisi poyinti 100 ndi poyinti imodzi, 200 ndi mapoyinti awiri, 50 ndi theka la poyinti. Kuchoka pa 24 kufika pa 26 ndi mabesisi poyinti 200. Ubwino wake ndi woti palibe angawasokoneze ndi peresenti. Mukawaona, gawani ndi 100.

7. Akuti inifuleshoni yatsika. Nanga bwanji kumsika mitengo ikungokwerabe?

Funso ili ndi limene limakwiyitsa anthu kuposa onse, ndipo amene akufunsa sakulakwa: mitengo ikukweradi. Inifuleshoni ndi liwiro la kukwera kwa mitengo. Ofesi yoona za chiwerengero ku Zomba imayerekeza mitengo ya mwezi uno ndi ya mwezi womwewu chaka chatha. Nambala imeneyo ikatsika koma ikadali pamwamba pa ziro, mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lachepa.

Tengani ndowa ya chimanga ku Zigwagwa pa K10,000. Chaka choyamba mitengo yakwera ndi 30 peresenti, ndowa yafika K13,000. Chaka chachiwiri inifuleshoni yatsika kufika pa 25 peresenti. Apa yatsika ndi mapoyinti 5. Ndowa ija tsopano ndi K13,000 kuphatikiza 25 peresenti ya K13,000, zonse pamodzi K16,250.

Onani bwino apa. Chaka chimene inifuleshoni inali 30, ndowa inakwera ndi K3,000. Chaka chimene yatsika kufika pa 25, ndowa yakwera ndi K3,250. Nambala yatsika, koma makwacha owonjezera m'thumba mwa wogula achuluka, chifukwa 25 peresenti yawerengedwa pa mtengo wokwera kale. Choncho wolengeza pawailesi sananame, ndipo mayi wa ku Chibavi amene akuti zinthu zafika poipa sanamanso.

Kuti mitengo itsike kwenikweni, inifuleshoni iyenera kupita pansi pa ziro. Pa chinthu chimodzi zimachitika ndithu: chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola, usipa wa ku Nkhata Bay umatsika ukaphedwa wambiri. Koma kuti katundu yense pamodzi atsike poyerekeza ndi chaka chathunthu chapitacho, n'zosowa kwambiri.

8. Inifuleshoni ikachoka pa 30 kufika pa 25, ndinene kuti yatsika ndi zingati?

Nenani kuti yatsika ndi mapoyinti 5. Masamu amalolanso kunena kuti yatsika ndi 16.7 peresenti, popeza 5 kugawa ndi 30 ndi 0.167, koma ife sitilimbikitsa. Womva amangotenga kuti zinthu zatsika mtengo ndi 16.7 peresenti, pomwe zakwera ndi 25. Pa inifuleshoni, peresenti ya peresenti siithandiza aliyense kupanga bajeti. Pa chiwongoladzanja imathandiza, monga taonera pa funso 4, chifukwa imasanduka makwacha enieni.

9. Kodi ndingaphatikize inifuleshoni ya zaka ziwiri, 30 ndi 25, n'kunena kuti zinthu zakwera ndi 55 peresenti?

Ayi. Ndowa ya pa funso 7 inachoka pa K10,000 kufika pa K16,250, kumene ndi kukwera ndi 62.5 peresenti. Maperesenti otsatizana amachulukitsidwa: 1.30 kuchulukitsa ndi 1.25 ndi 1.625.

Mapoyinti okha ndi amene amaphatikizidwa mwachindunji. Mlingo wa Banki Yaikulu unakwera ndi 2, kenako 4, 4, 2 ndi 2, ndipo zonse pamodzi ndi 14, ndendende kuchoka pa 12 kufika pa 26. Ichi n'chifukwa chake azachuma amakonda mapoyinti pofotokoza za milingo.

10. Mlingo ukakwera ndi 25 peresenti kenako n'kutsika ndi 25 peresenti, ubwerera pomwe unali?

Subwerera. Kuchoka pa 20 kufika pa 25 ndi kukwera ndi 25 peresenti. Kutsika ndi 25 peresenti kuchokera pa 25 kukufikitsani pa 18.75. Kuti mubwerere pa 20 muyenera kutsika ndi 20 peresenti yokha, chifukwa chogawira tsopano ndi 25. Mu mapoyinti mulibe vuto limeneli: 5 pokwera, 5 potsika.

11. Ndalama zanga kubanki zikupindula 10 peresenti pomwe inifuleshoni ili pa 30. Ndiye kuti ndikuluza 20 peresenti?

Muli kumbuyo ndi mapoyinti 20, koma mphamvu yogulira ya ndalama zanu yatsika ndi pafupifupi 15.4 peresenti. Onani ndi ndowa. K100,000 lero igula ndowa 10 pa K10,000 imodzi. Chaka chikatha muli ndi K110,000, ndowa ili pa K13,000, ndiye mugula ndowa 8.46. Mwataya ndowa imodzi ndi theka pa khumi, osati ziwiri.

Njira yolondola ndi kugawa: 1.10 kugawa ndi 1.30 ndi 0.846. Kungochotsera kumayandikira yankho pamene manambala onse ali aang'ono, monga 5 ndi 3. Kuno kwathu kumene milingo imakhala m'ma 20 ndi m'ma 30, kuchotsera kumasocheretsa ndi mapoyinti angapo.

Msonkho nawo umabweretsa msampha womwewu. Ngati adula 20 peresenti pa chiwongoladzanja chimene mwapindula, sanadule mapoyinti 20. Adula K2,000 pa K10,000, ndipo mlingo wanu wachoka pa 10 kufika pa 8. Ndi mapoyinti awiri. Ndowa zanu zitsikira pa 8.3.

Malipiro ndi chimodzimodzi. Mphunzitsi akawonjezeredwa 20 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30, ali kumbuyo ndi mapoyinti 10, ndipo zimene angagule zachepa ndi 7.7 peresenti, chifukwa 1.20 kugawa ndi 1.30 ndi 0.923.

12. Ku banki mkhonde yathu akufuna kukweza chiwongoladzanja kuchoka pa 10 kufika pa 15 peresenti. Tcheyamani akuti ndi 5 peresenti yokha. Akunena zoona?

Ndi mapoyinti 5, koma kwa wokongola ndi kukwera ndi theka lonse, 50 peresenti. Amene ankapereka K10,000 pa K100,000 tsopano azipereka K15,000.

Chinanso chachikulu ndi choti milingo ya banki mkhonde kawirikawiri imakhala ya pamwezi, pomwe ya kubanki ndi ya pachaka. Poyinti ya pamwezi si yofanana ndi poyinti ya pachaka. Mapoyinti 5 pamwezi ndi mapoyinti 60 pachaka, ngakhale osawerengera chiwongoladzanja chobereka chinzake. Munthu amene amazungulira ndi K100,000 chaka chonse, akumangolipira chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, achoka pa K120,000 kufika pa K180,000. Ngati gulu limaphatikiza chiwongoladzanja chosalipidwa ku mpamba, K100,000 yosakhudzidwa kwa miyezi 12 ifika pafupifupi K314,000 pa 10 peresenti, ndi K535,000 pa 15 peresenti.

Sikuti kukwezako n'koipa kwa onse. Ndalamazo zimabwerera kwa mamembala pa tsiku logawana, ndiye amene ali ndi masheya ambiri koma sakongola kwambiri ndi amene amapindula, pomwe wokongola pafupipafupi ndi amene amalipira. Gulu livote likudziwa zimenezi, ndipo mlembi alembe m'buku manambala onse awiri, wakale ndi watsopano, ndi mawu akuti "pamwezi".

13. Lipoti likati chakudya chathandizira mapoyinti 20 pa inifuleshoni, akutanthauza chiyani?

Inifuleshoni imawerengedwa pa dengu la zinthu zimene banja limagula, ndipo chinthu chilichonse chili ndi kulemera kwake m'dengumo. Kuno chakudya ndicho chimatenga gawo lalikulu. Tiyerekeze kuti ndi theka. Chakudya chikakwera ndi 40 peresenti ndipo zina zonse, monga lendi, thiransipoti, sopo ndi fizi, zikakwera ndi 20 peresenti, chakudya chibweretsa theka la 40, amene ndi mapoyinti 20, ndipo zinazo zibweretsa theka la 20, mapoyinti 10. Inifuleshoni yonse ikhala pafupifupi 30.

Choncho pa chakudya chomwecho pali manambala atatu: chakwera ndi 40 peresenti, chathandizira mapoyinti 20, ndipo mapoyinti 20 pa 30 ndi magawo awiri mwa atatu a inifuleshoni yonse. Banja limene limathera magawo atatu mwa anayi a ndalama zake pa chakudya, inifuleshoni yake ndi 35, mapoyinti 5 pamwamba pa imene yalengezedwa.

14. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amenewo ndi mapoyinti?

Ayi. Mapoyinti amagwira ntchito pokhapokha chinthu chimene chikusunthacho chili peresenti kale, monga chiwongoladzanja, inifuleshoni kapena mlingo wa msonkho. Mtengo wa dola, wa feteleza kapena wa mpunga wa ku Karonga uli mu makwacha, choncho umakwera ndi makwacha kapena ndi peresenti basi.

Komabe nkhani ya 44 ija ili ndi funso lomwe lija la chogawira. Dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kusiyana kwake, K520, kugawa ndi K1,180 ndi 44 peresenti: ndi mmene dola inakwerera mtengo. Mukayang'ana kuchokera ku kwacha, K1,180 imene inkagula dola yathunthu inayamba kugula masenti pafupifupi 69, ndiye kuti mphamvu yake inatsika ndi pafupifupi 31 peresenti. Wopikula katundu kunja nambala yomukhudza ndi 44, chifukwa ndi makwacha owonjezera amene ayenera kupeza pa dola iliyonse.

15. Ndizindikira bwanji kuti wolemba nkhani wasokoneza, ndipo ine ndilembe bwanji?

Funani manambala awiri, wakale ndi watsopano. Achotsereni. Ngati yankho likufanana ndi nambala imene wolemba waitcha peresenti, ndiye kuti amatanthauza mapoyinti. Ngati nkhaniyo sinapereke manambala awiriwo, musawerengetse bajeti pa iyo, pitani pa chikalata cha Banki Yaikulu kapena cha ofesi ya ku Zomba kumene onse awiri amalembedwa.

Onaninso mmene nambala yasankhidwira. Wofuna kuti kukwera kuoneke kochepa amatchula mapoyinti, mwinanso n'kuwatcha peresenti: "takweza ndi 5 yokha." Wofuna kuti kuoneke koopsa amatchula 50 peresenti osanena kuti ndi kuchoka pa 10 kufika pa 15. Milingo ikakhala yaing'ono, peresenti imatupa kwambiri: kuchoka pa 1 kufika pa 2 ndi 100 peresenti, koma pa K1,000,000 ndi K10,000 yokha pachaka.

Polemba mamineti, lipoti kapena uthenga wa pagulu, ikani zinthu zinayi m'chiganizo chimodzi: mlingo wakale, watsopano, mapoyinti, ndi nthawi yake. Mwachitsanzo: "Chiwongoladzanja chachoka pa 30 kufika pa 33 peresenti pachaka, kukwera ndi mapoyinti 3." Ngati owerenga ndi anthu amene alipire, wonjezerani makwacha: "Pa K1,000,000 iliyonse ya ngongole yotsala, ndi K30,000 yowonjezera pachaka, kapena K2,500 pamwezi."